Mwambi m'nyimbo: mmene mungauyikire osasanduka mlangizi

Mwana wa mchemwali wanga amayimba m'kwaya kwawo ku Chonde, ndipo chaka chatha anayamba kupeka nyimbo zakezake. Tsiku lina la chiperoni anandipeza kwathu kufupi ndi Chitakale atanyamula kope. Anati, "Amalume, tandimvererani iyi. Anzanga akuti ndi yabwino, koma palibe amene wandipempha kuti ndiyimbenso." Ndinatenga gitala, iye n'kuyamba:

Anzanga mverani, tisamakonde chuma,
Walira mvula walira matope,
Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere,
Tiyeni tikhutire ndi zomwe tili nazo.

Mawu ake ndi okoma, ndipo m'mizere imeneyi mulibe bodza. Koma atamaliza ndinamva ngati ndachokera pabwalo la amfumu mlandu utandigwera. Ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe, walira mvula ndani?" Anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza za mnzake amene anakakamiza mwamuna wake kupita ku Joni kuti nawonso akhome malata, ndipo tsopano papita zaka zitatu mwamunayo osabwera. Nyimbo inali pamenepo, koma m'kope munalibe ngakhale mzere umodzi wa nkhaniyo. Zimene ndikulemba pano ndi njira imene tinatsata poikonza, ndipo ndi imene ndimatsata ndikamapeka zanga.

Tiyambe ndi kumvetsa chifukwa chake mwambi umalemera chonchi. Kwathu kuno mwambi uli ndi malo ake ndi eni ake. Amaunena ankhoswe akamayanjanitsa banja, anamkungwi kuchinamwali, nduna za amfumu zikamamanga mlandu, aphunzitsi akamaphunzitsa mikuluwiko m'kalasi. Nthawi zambiri umachokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, ndipo umabwera nkhani itamveka mbali zonse, kuti uyitseke. Khutu la munthu wa kuno linazolowera zimenezi kuyambira ali mwana. Ndiye woyimba akangotulutsa mwambi wathunthu koyambirira kwa nyimbo, womvera amadziwa kale mpando umene wapatsidwa: wa wolakwa. Palibe amene amafuna kuvina atakhala pampando umenewo.

Lembani nkhani kaye, mwambi muuyike pambali

Ndinamuuza kuti atseke kope lija, andifotokozere nkhani ya mnzakeyo ngati mmene angaifotokozere ali pamjigo. Ine ndinkalemba zinthu zokhazo zimene munthu angazione ndi maso, kuzigwira kapena kuzimva ndi khutu. Tinapeza izi: mbuzi ya amayi ake imene inagulitsidwa kuti papezeke ndalama ya ulendo, pa Chitakale pamene anasiyana, malata amene anafika pa kabaza, anthu a m'mudzi amene anabwera kudzawaona, bulangete, foni imene poyamba inkalira tsiku lililonse. Mawu monga chuma, dyera, kukhutira ndi chikondi sindinawalembe, chifukwa alibe thupi. Womvera sangaone dyera, koma mbuzi yomangidwa pa njinga kupita kumsika amayiona, ndipo amadziwa kuwawa kwa kugulitsa mbuzi ya mayi ako.

Chitani chimodzimodzi ndi nyimbo yanu. Musanalembe mzere uliwonse, pezani zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za mtundu umenewu, ndipo mudziwe kuti zinachitikira kuti, nyengo yanji. Ngati simungazipeze, ndiye kuti muli ndi mwambi wokha, nyimbo mulibe. Pamenepo bwererani kwa anthu mukamvetsere.

Mwambi umodzi, ndipo chithunzi chake chikhale cha m'nkhanimo

M'ndime yake ija munali miyambi iwiri m'mizere inayi, ndipo ndime yachiwiri inali ndi ina itatu. Opeka nyimbo ambiri amaganiza kuti kuchuluka kwa miyambi ndiye kuzama kwa Chichewa. Koma mwambi uliwonse umabwera ndi chithunzi chake. Womvera akungoyamba kuona mvula, mwamupatsa mkuyu ndi nyerere, asanalume mkuyuwo mwamupatsa pusi wogwa chagada. Mapeto ake saona kanthu, amangomva kuti akulangizidwa.

Posankha, tinayesa miyambi itatu pa nkhani ija. "Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere" ukunena za chinthu chooneka bwino kunja koma chowola m'kati, pamene malata aja ndi abwinobwino, sakudontha. "Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada" ukunena za munthu wosakhazikika, wolumphira uku ndi uku, pamene mayi uja anafuna chinthu chimodzi chokha. "Walira mvula walira matope" unagwirizana ndi nkhani ndendende: wapempha chinthu chabwino, chabwera, koma chabwera ndi mnzake amene sunamuitane. Komanso mvula ili kale m'nkhanimo, chifukwa denga la malata amalifuna chifukwa cha mvula, ndipo ndi mvula yomweyo imene imaliliza usiku. Mukapeza mwambi umene chithunzi chake chikukhudza chinthu chimene chili kale pamndandanda wanu, mwapeza wanu. Inayo isungeni, idzagwira ntchito m'nyimbo zina.

Tanthauzo lake mulifunsenso kwa akulu awiri kapena atatu. Miyambi imasiyana pang'ono kuchoka mudzi uwu kupita mudzi uwo, ndipo ina timaitchula tsiku ndi tsiku osaidziwa bwino. Izi n'zofunika kwambiri mukafuna kuyika mwambi wa Chilomwe, chifukwa ambiri a ife a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo chiyankhulochi timangochimva pang'ono. Pitani kwa agogo akunenereni, muwajambule pa foni, mutchule monga atchulira iwo.

Sinthani woyankhula

Apa ndi pamene nyimbo imafera kapena kuchira, ndiye ndichedwapo. Tengani cholembera mudule mzere kunsi kwa mawu onse a mtundu uwu: mverani, tiyeni, tisamatero, musamatero, muyenera, anzanga, abale anga, achinyamata a masiku ano. Onsewa amaloza chala kwa womvera. M'mizere inayi ya mwana uja tinapezamo anayi. Dulaninso "akuluakulu anati" ndi "paja pali mwambi wakuti". Mawu amenewa ali ngati kugogoda patebulo kuti anthu akhale chete, ndipo womvera Chichewa safunika kuuzidwa kuti uwu ndi mwambi.

Kenako dzifunseni kuti m'nkhaniyi wapsa ndani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'nyimbo ndi yemweyo amene ayenera kutsekula pakamwa. Tinapereka nyimbo kwa mayi uja, kuti aziyankhula ndi mwamuna wake, osati ndi ife. Ndime yoyamba inatuluka chonchi:

Ndinanena ndine, bambo a mwana,
A ku Joni onse akhoma malata.
Ndinagulitsa mbuzi ya amayi
Ndi kukusiyani pa Chitakale.

Palibe amene akulangizidwa pano. Mayi akuvomera yekha kuti mawu anachokera kwa iye, ndipo womvera wasanduka munthu wodutsa kuseri kwa nyumba amene wamva zosayenera kumva. Munthu wotero sathawa, amachepetsa liwiro kuti amve zambiri. Amayi athu ankaidziwa bwino njira imeneyi m'nyimbo za pamtondo. Mayi akamasinja sankaima n'kulalikira mudzi wonse za nkhanza za amuna. Ankayimba za iye mwini, za chitenje chong'ambika, za ndiwo zopanda mchere, ndipo wolakwayo ali pakhonde ankamva yekha kuti mwala wagwera pa iye.

Mwana uja anadandaula kuti, "Koma amalume, ine sindinakwatiwe, anthu adzati ndikunena zanga." Ndinamuuza kuti zimenezo zisamuopse. Wofotokoza nthano amayankhula ngati kalulu ndipo palibe amene amamufunsa makutu aatali. Koma ndinamuchenjezanso kuti asinthe zina ndi zina kuti mnzake uja asalozedwe chala kumsika. Ndiye mbuzi ija ndi malo osiyanirana aja si zenizeni za mwini nkhani, tinasintha.

Thyolani mwambi, theka lina mupatse ovomera

Mwambi wodziwika suyenera kunenedwa wonse. Ngakhale pocheza, munthu amangoti "paja mutu umodzi…" mnzake n'kumaliza yekha mumtima. Amene wamaliza yekha mwambi sakumva ngati wauzidwa, chifukwa mawu omaliza atuluka mwa iye. Nyimbo zathu zili ndi chida chokonzeka kale cha ntchito imeneyi, chomwe ndi kuyambitsa ndi kuvomera, monga zimakhalira pa tchopa kapena pa nyimbo za kumunda. Kolasi yathu tinayimanga motere, mzere woyamba ndi wachitatu wa woyambitsa, wachiwiri ndi wachinayi wa ovomera:

Mvula ndinailira ndine,
Matope, mayi, matope.
Malata akulira usiku,
Matope, mayi, matope.

Onani zimene zachitika ndi mwambi uja. "Walira" wasanduka "ndinailira ndine": wachoka pa munthu wina aliyense wafika pa munthu mmodzi, wachoka pa lamulo la masiku onse wafika pa tsiku limene linapita. Theka lachiwiri latsala liwu limodzi, ndipo akulinena ndi anthu ena, ngati anzake amene akhala naye pamphasa. Liwu lakuti "mayi" ndi lomwe timafuula tikamva kuwawa, ndiye ovomerawo akumva naye chisoni, sakumuseka. Komanso "kulira" kwabwera kawiri: analira mvula ndi iye, tsopano akulira ndi malata. Zimenezi sitinazikonze dala, zinabwera chifukwa tinasankha mwambi wokhala m'nkhanimo.

Pali malire ake. Kuthyola kumatheka ndi mwambi umene aliyense amaudziwa. Mukatenga wosowa, umene ngakhale a zaka makumi anayi sanaumvepo, n'kuuthyola, womvera alibe chomalizira ndipo amangosokonezeka. Woterowo unenedwe wonse kamodzi, nkhani yozungulira iwuwunikire. Koma musaumasulire m'nyimbo. Mzere woyamba ndi "kutanthauza kuti" ndi wa m'kalasi.

Lolani chithunzi chigwire ntchito m'ndime yachiwiri

Ndime yachiwiri ntchito yake ndi kuonetsa matopewo, popanda kuwatchula:

Malata anabwera pa kabaza,
Mudzi wonse unadzawawerenga.
Chiperoni chino ndi chachitatu,
Bulangete lija landikulira.

Mizere iwiri yoyamba ndi mvula, iwiri yomaliza ndi matope. Sitinanene kuti papita zaka zitatu, tawerenga chiperoni, chifukwa aliyense wa kunsi kwa phiri lino amadziwa kuzizira kwa mwezi wa Juni ndi Julaye nkhungu ikatsika, kamvula kakuwaza masiku angapo osaleka. Sitinanenenso kuti ali yekha, tangoti bulangete lamukulira. Poyamba mwana uja analemba kuti "ndasungulumwa, chuma sichigula chikondi". Ndinamufunsa ngati mnzakeyo anayankhulapo choncho. Anati ayi, chimene ananena n'chakuti bulangete amalipinda pawiri masiku ano. Mzere unachokera pamenepo.

Mwambi wathunthu ubwere mochedwa, kuchokera pakamwa poyenera

Mwina mungafune kuti mwambi umvekebe wonse, mwa maonekedwe ake akale. N'zotheka, koma kamodzi kokha, chakumapeto, ndipo aunene munthu wa m'nkhani amene ali ndi ufulu wounena. Tinadzifunsa kuti ndani. Abusa kapena amfumu akanatibwezera ku ulaliki. Koma pali munthu mmodzi amene mbuzi yake inapita:

Amayi popeta nandolo dzulo
Anayankhula osandiyang'ana:
Walira mvula walira matope.
Ine chete, kutola wogwa pansi.

Pano mwambi sukuphunzitsa womvera, ukubaya mwana wawo, ife tikungoona. Amayiwo akhoza kukhala kuti akunena zoona, akhozanso kukhala kuti akuwawidwabe ndi mbuzi yawo. Womvera wina adzakhala mbali ya amayi, wina mbali ya mwana amene anangofuna kuti asamagone m'nyumba yodontha. Kukangana kumeneko n'kumene kumapangitsa nyimbo kubwerezedwa.

Mzere wotsatira mwambi ndi woopsa kuposa ina yonse. Dzanja limafuna kulemba kuti "zoonadi amayi munanena" kapena "ndaphunzira lero". Likanizeni. Pambuyo pa mwambi pabwere chochita, kapena kukhala chete. Ife tinamupatsa nandolo wogwa pansi kuti azitola, chifukwa munthu wochita manyazi pamaso pa mayi ake amafuna pogwira ndi manja ndi poyang'ana.

Zining'a zili ndi vuto lina

Chining'a sichilalikira kwenikweni, chifukwa chimalowa m'chiganizo ngati mneni wamba: ndagwira njakata, wandidyera masuku pamutu, ananditsina khutu, walemba m'madzi. Vuto lake n'lakuti chinatha m'kamwa. Tinachinena kambirimbiri moti palibenso amene amaona masuku kapena mutu. Choncho wopeka amachiyika kuti chidzaze mzere, ndipo chimabisa zimene zinachitika. "Ndagwira njakata" sichitiuza kanthu za mayi uja, chingathe kunenedwa ndi aliyense, kuyambira wakabaza amene tcheni chaduka mpaka mlimi wa tiyi amene masamba amufotera podikira galimoto.

Ndimatsata zinthu ziwiri. Choyamba, chining'a chisalimbane ndi chithunzi cha mwambi. M'nyimbo ya mvula, malata ndi matope, masuku alibemo malo, ndiye tinawachotsa ngakhale mwana uja ankawakonda. Chachiwiri, ngati chining'a chatsala, chidzutseni pochitenga ngati chinthu chenicheni m'mzere wotsatira. Tinkafuna kunena kuti mayi uja wamva mphekesera zoti mwamuna wake ali ndi wina kumeneko. Tinalemba mizere iwiri yokha, pakati pa ndime yachiwiri ndi yachitatu:

Ananditsina khutu ku mjigo,
Kufikira lero likuwawabe.

Kutsina khutu ndi kuuza munthu mwamseri zimene ayenera kudziwa. Ponena kuti khutulo likuwawabe, zala zija zabwerera, womvera akumva kutsinako pa khutu lake. Sitinanene zimene anauzidwa. Aliyense amene ali ndi mbale wake ku Joni akudziwa.

Mawu a achinyamata a pamsika wa Limbuli kapena pa siteji ya Luchenza amathanso kukhala pafupi ndi mwambi wakale, ndipo nthawi zina amauchotsa fungo la m'buku. Koma agwirizane ndi woyankhulayo. Mayi wa m'nyimbo yathu sangayankhule ngati kondakitala wa minibasi.

Tsopano kamvekedwe

Mwambi uli kale ndi kayendedwe kake, ndipo anthu amakadziwa ngati dzina lawo. Mukaukoka kapena kuupanikiza kuti ukwane mu biti imene munagula kale, umamveka ngati mlendo wokakamizidwa kukhala pansi. Ndiye yambirani pa mwambi. Werengani maphatikizo ake: wa-li-ra mvu-la wa-li-ra ma-to-pe, alipo 11, ndipo mpweya umapumira pambuyo pa asanu oyamba. Mizere ya ndime zathu tinayidula kuti izikhala ndi maphatikizo 11 ngati iwowo, kotero kuti mwambi ukafika m'ndime yachitatu, umakhala pamalo pake ngati mzere wina uliwonse, osaonekera kuti wabwerekedwa. Yesani kuwerenga "Malata anabwera pa kabaza" kapena "Chiperoni chino ndi chachitatu", mupeza 11.

Mzere wakuti "A ku Joni onse akhoma malata" uli ndi 12, koma poyimba "onse akhoma" amalumikizana n'kumveka "ons'akhoma", monga timachitira poyankhula mofulumira. Samalaninso ndi m woyamba wa mawu monga mtima, mkuyu ndi mjigo: ameneyu amadya nthawi yakeyake, chifukwa ndi mu wofupikitsidwa. Mu mvula ndi mbuzi sadya nthawi, amamatirira ku lembo lotsatira. Opeka ambiri amadabwa kuti mzere wawo ukupunthwa pamene papepala ukukwana, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala m ameneyu.

M'Chichewa, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo ndi limene limatalika: timati matoope, malaata, usiiku. Liyikeni pamene ng'oma ikugunda mwamphamvu kapena pamene nyimbo ikukoka. Kukwera ndi kutsika kwa mawu nakonso kuli ndi tanthauzo, paja mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana ndi kamvekedwe kokha. Nyimbo imaloledwa kupotoza pang'ono, nkhani yozungulira n'kuwongola, koma pa mzere wa mwambi musapotoze kwambiri. Njira yake ndi yosavuta: nenani mwambiwo katatu monga amanenera agogo anu, jambulani pa foni, kenako ng'ung'udzani motsatira pamene mawu akukwera ndi pamene akutsika. Nyimbo ya mzere umenewo ichokere pamenepo.

Ganizirani amene adzaimve

Titamaliza kolasi ija, mwana uja ankafuna biti yothamanga, yovinira. Ndinamuletsa, ndipo chifukwa chake ndi cha kuno kwathu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, midzi inakwiririka ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo mabanja ena sanapeze ngakhale matupi a abale awo. Akuluakulu amakumbukiranso napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. Kwa anthu amenewa liwu lakuti matope silikutanthauzanso dothi lomata ku mapazi. Mwambi ndi womwewo, koma khutu linasintha. Gulu la anthu likufuula "matope, matope" mosekerera, wina atakhala pomwepo amene matope anamulanda ana, chimenecho sindikanachilola.

Tinaganiza zosintha mwambi, koma tinaona kuti nyimboyo ndi yachisoni kale, ndipo liwulo likayimbidwa mwaulemu silinyoza aliyense. Tinachedwetsa kayendedwe, ovomera aziyimba motsitsa. Ndinamuuzanso kuti asadzayiyimbe pa mwambo wokumbukira omwalira kapena kumidzi imene inakhudzidwa kwambiri asanafunse eni ake. Mwambi uliwonse umene mwasankha, dzifunseni kuti chithunzi chake chikumbutsa chiyani kwa anthu a kumene mukayimbe. Miyambi ina imatchula olumala, akhungu kapena osabereka, ndipo pagulu pamakhala munthu amene mawuwo amugwera mwachindunji.

Kuyesa ngati ulaliki wachoka

Yeso loyamba mumachita nokha. Phimbani mzere wa mwambi ndi chala, muyimbe zotsalazo. Ngati nkhani ikumvekabe, munthu akuonekabe, ndiye kuti mwambi wapeza nyumba yomangidwa kale. Ndime yoyamba ija ya m'kope, titaphimba miyambi iwiri, panatsala "mverani" ndi "tiyeni" basi.

Lachiwiri limafuna anthu, ndipo asakhale anzanu a m'kwaya amene amakukondani. Ife tinayimbira amayi atatu ogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu ndi mnyamata wina wakabaza amene ankadikira makasitomala pomwepo. Musafunse kuti "mwaiona bwanji". Funsani kuti "mwamva kuti chachitika n'chiyani". Akayankha kuti "ili ndi uthenga wabwino" kapena "ndi yophunzitsa", bwererani kukagwira ntchito, chifukwa ndi mmene anthu aulemu amanenera kuti sadzayimveranso. Mayi wina mwa atatu aja anafunsa kuti, "Nanga bamboyo anabwera?" Mnzake anati, "Koma amayi akewo anawonjeza, mwana analakwa chiyani kufuna malata?" Anayamba kutsutsana okhaokha ife tili chiimire, ndipo wakabaza uja ankang'ung'udza kolasi.

Funso la mayi uja linamukoka mwana wa mchemwali wanga, anafuna kuwonjezera ndime yachinayi yoti mwamuna wabwera, apepesana, onse aphunzirapo. Tinayesa kuyilemba, ndipo "tiyeni" anabwerera yekha m'mzere wachiwiri. Tinayisiya. Nyimbo ikuthera pa nandolo, kolasi n'kubwera komaliza.

Pali nyimbo zimene kulangiza ndiye ntchito yake: za kuchinamwali, zolangiza akwati, za kutchalitchi, zodziwitsa anthu za katemera kapena kolera. Kumeneko omvera abwera akudziwa kuti alangizidwa, ndipo "mverani" salakwika. Ngakhale kumeneko mwambi umodzi wokhala ndi nkhani yake umalowa kuposa isanu yondandalikidwa, koma musadzivute kubisa chimene aliyense wabwerera. Zimene ndafotokozazi ndi za nyimbo imene munthu adzayisankha yekha pa foni yake, kapena adzayimva pa wailesi ali ndi ufulu wosintha siteshoni.

Mukafika ku situdiyo

Wojambula nyimbo akamva mwambi, kawirikawiri amafuna kuukweza: kuwonjezera mawu a anthu ambiri, kuubwereza kanayi, kuuyika koyambirira kuti ukope anthu. Mufotokozereni nkhani yonse asanakhudze makina, ndipo mumuuze mzere umene simukufuna kuti usunthe. Ife tinapempha zosiyana ndi zimene iye ankafuna. Pa mzere wa amayi aja ng'oma ndi besi zimaleka, pamatsala gitala yekha, ndipo mwana uja amautchula pafupifupi ngati akuyankhula, motsitsa, monga munthu amene maso ake ali pa lichero. Anaujambula kasanu. Maulendo anayi oyamba ankaukweza ngati ali kutsogolo kwa kwaya, ndipo unkamveka ngati chigamulo. Ndinamuuza kuti, "Usayimbire anthu, mwanawe. Ganiza kuti ndiwe amayi ako, watopa, ndipo mwana amene ukumuuzayo umamukonda." Ulendo wachisanu mawu ake ananjenjemera pang'ono pa "matope". Wojambula anafuna kuti abwereze kuti awongole, ife tinamupempha kuti asunge umenewo.